Ngodya ya nyumba ndi manambala atatu: momwe amapezekera ndi momwe timayesera nawo thirayango

Mwezi wathawu ndinali pamalo pomwe mlongo wanga akumangitsa mdadada wa zipinda za lendi kufupi ndi Mpondasi, ndipo panabuka kamkangano pakati pa mmisiri womanga ndi mwana wa mlongo wangayo, yemwe ali ku sekondale. Mmisiriyo ankati manambala okhomera ngodya ya nyumba ndi 3, 4 ndi 5 basi, monga anaphunzirira kwa amene anamulera pa ntchitoyi. Mnyamatayo ankati manambala alionse atatu ondondozana angagwire ntchito yomweyo, nkutchula 4, 5 ndi 6. Onse awiri anali atagwira mbali ina ya choonadi nkuphonya mbali inayo. Magulu a manambala atatu opereka ngodya ya madigiri 90 ndi osawerengeka, koma 4, 5 ndi 6 sali m'gulu lawo, ndipo pali njira yowapezera komanso njira yoyesera ngati gulu lomwe munthu watchula ndi loona.

Mawu oti sikweya ali ndi matanthauzo atatu

Tiyambe ndi mawu, chifukwa chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Thirayango ndi chojambula cha mbali zitatu ndi ngodya zitatu. Ngodya ya madigiri 90 ndi ngodya yomwe makoma awiri a chipinda chomangidwa bwino amakumanirana, ndipo amisiri akaiona amati ngodyayo ili pa sikweya, potengera kachitsulo kopindika kamene amayezera nako. Kwa mwana wa sukulu sikweya ndi chojambula cha mbali zinayi zofanana. M'masamu, sikweya ya nambala ndi zomwe timapeza tikachulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, kotero kuti sikweya ya 4 ndi 16, ndipo timalemba kuti 4² = 16.

Matanthauzo awiri omalizawa ndi chinthu chimodzi. Mukayala matailosi pansi, anayi m'litali ndi anayi m'lifupi, mugwiritsa ntchito matailosi 16. Tsopano tengani thirayango ya mbali 3, 4 ndi 5, nkuyala bwalo la matailosi lotereli pa mbali iliyonse. Pa mbali ya 3 padzalowa matailosi 9, pa mbali ya 4 padzalowa 16, ndipo pa mbali yaitali padzalowa 25, omwe ndi 9 kuphatikiza 16. Lamulo lomwe ana amaphunzira m'dzina la Pythagoras, katswiri wa ku Girisi wa zaka za m'ma 500 Yesu asanabadwe, likunena zimenezi: m'thirayango yomwe ili ndi ngodya ya madigiri 90, masikweya a mbali ziwiri zokumana pa ngodyayo akaphatikizidwa amafanana ndi sikweya ya mbali yaitali, yomwe imayang'anizana ndi ngodyayo. Tikatcha mbali ziwiri zija a ndi b, yaitaliyo c, timalemba motere:

```
a² + b² = c²
```

Chomwe mmisiri amadalira kwenikweni ndi lamuloli litatembenuzidwa. Iye sayamba ndi ngodya yabwino nkumafunsa kutalika kwa mbali, koma amayamba ndi miyeso itatu nkumafuna kudziwa ngati ngodya ili bwino. Kutembenuza kumeneku nkoona ndithu: ngati masikweya a mbali ziwiri zazifupi aphatikizana nkupereka sikweya ya mbali yaitali, ngodya yoyang'anizana ndi mbali yaitaliyo ndi ya madigiri 90. Euclid, amene ankaphunzitsa ku Alekizandiriya cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, anatsekera gawo loyamba la buku lake la masamu ndi mfundo ziwirizi, ya nambala 47 ndi ya nambala 48.

Ndi muyeso umenewu, 4, 5 ndi 6 akugwa msanga, pakuti 16 kuphatikiza 25 ndi 41, pomwe sikweya ya 6 ndi 36. Mwa manambala athunthu ondondozana, 3, 4 ndi 5 okha ndiwo amakhoza, ndipo palibenso ena ngakhale mutawerenga mpaka kutopa.

Fomula yopangira magulu atsopano

Manambala ambiri sagwirizana motere. Mukasankha mbali ziwiri mwachisawawa, monga 9 ndi 7, masikweya awo apereka 130, ndipo palibe nambala yathunthu yomwe sikweya yake ndi 130, chifukwa ya 11 ndi 121 ndipo ya 12 ndi 144. Kufufuza magulu athunthu mongoyesayesa kuli ngati kuponya mbedza pomwe simukudziwa ngati pali nsomba. Fomula, kapena kuti ndondomeko yolembedwa m'zilembo yomwe mumangolowetsamo manambala, imathetsa kuyesayesa kumeneku, ndipo iyi imatchedwanso m'dzina la Euclid. Sankhani manambala athunthu awiri alionse, lalikulu mulitche m, laling'ono mulitche n, ndipo muchite izi:

```
a = m² − n²
b = 2 × m × n
c = m² + n²
```

Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono ndi m = 3 ndi n = 2. Sikweya ya 3 ndi 9, sikweya ya 2 ndi 4. Kuchotsera 4 pa 9 kukutipatsa 5, yomwe ndi mbali yoyamba. Kuchulukitsa 2 ndi 3 ndi 2 kukutipatsa 12, mbali yachiwiri. Kuphatikiza 9 ndi 4 kukutipatsa 13, mbali yaitali. Tikayesa, 25 kuphatikiza 144 ndi 169, ndipo 13 kuchulukitsa ndi 13 ndi 169 yemweyo. Gulu la mmisiri uja limatuluka pa m = 2 ndi n = 1, omwe ndi manambala aang'ono koposa omwe fomulayi ingalandire, nchifukwa chake ndilo linadziwika kwambiri. Pa m = 4 ndi n = 1 pamatuluka 15, 8 ndi 17, pa m = 4 ndi n = 3 pamatuluka 7, 24 ndi 25, ndipo pa m = 5 ndi n = 2 pamatuluka 21, 20 ndi 29. Onani kuti nthawi zina a ndiye wamkulu kuposa b ndipo nthawi zina ayi, koma c amakhala wamkulu koposa nthawi zonse.

Munthu woganiza ayenera kufunsa chifukwa chomwe fomulayi silephera, ndipo yankho lake si lovuta monga ena amaopera. Tengani manambala awiri alionse, muwaphatikize, kenaka muwachotsere. Sikweya ya zophatikizazo imaposa sikweya ya zochotserazo ndi kanayi ka zomwe mumapeza mukachulukitsa manambala awiri aja. Yesani ndi 9 ndi 4: kuphatikiza ndi 13, kuchotsera ndi 5, ndipo 169 imaposa 25 ndi 144, yomwe ndi 4 × 9 × 4. Izi zimachitika ndi manambala awiri alionse, koma nzeru ya fomulayi yagona posankha manambala omwe ali kale masikweya. Popeza 4 ndi sikweya ya 2, 9 ndi sikweya ya 3, ndipo 4 winayo ndi sikweya ya 2, kuwachulukitsa onse kuyenera kupereka sikweya ya 2 × 3 × 2, yomwe ndi mbali yachiwiri ija. Palibe m ndi n amene angathawe dongosolo limeneli.

Chimandisangalatsa ine nchakuti magulu oterewa anthu anawadziwa zaka zoposa 1000 Pythagoras asanabadwe. Pali phale ladothi la ku Babulo wakale, m'dziko lomwe lero ndi Iraki, lolembedwa cha m'ma 1800 Yesu asanabadwe, lomwe limasungidwa pa Yunivesite ya Columbia ku New York ndipo limadziwika kuti Plimpton 322. Mzere wake woyamba uli ndi 119 ndi 169. Lowetsani m = 12 ndi n = 5 m'fomula yathu, ndipo mupeza 119, 120 ndi 169. Manambala otere munthu sangawatole pongoyesa ndi chingwe.

Tsinde ndi nthambi zake

Mukayesa m = 3 ndi n = 1 mupeza 8, 6 ndi 10, ndipo mukayang'anitsitsa muona kuti ndi 4, 3 ndi 5 atawirikizidwa kawiri. Thirayangoyi ndi yomwe ija, yangokula. Gulu lomwe manambala ake onse atatu sangagawidwe ndi nambala imodzi yoposa 1 tingalitche tsinde, ndipo magulu otuluka pochulukitsa tsindelo tingawatche nthambi zake. Kuti fomula ipereke tsinde, pali zofunika ziwiri. Choyamba, mwa m ndi n, mmodzi akhale wogawika ndi 2 ndipo winayo akhale wosagawika ndi 2. Manambala 3 ndi 1 analephera pamenepa, chifukwa onse ndi osagawika ndi 2, ndipo zikatero kuphatikiza ndi kuchotsera masikweya awo kumapereka manambala ogawika ndi 2 okhaokha. Chachiwiri, pasakhale nambala yoposa 1 yogawa m ndi n onse awiri. Pa m = 6 ndi n = 3 chofunika choyamba chakwanira, koma onse amagawika ndi 3, ndipo chotuluka ndi 27, 36 ndi 45, chomwe ndi 3, 4 ndi 5 atachulukitsidwa ndi 9.

Tsinde lililonse limatuluka m'fomulayi, ndipo alipo 16 omwe mbali yawo yaitali sifika 100. Koma si nthambi iliyonse yomwe imatuluka mwachindunji, ndipo ophunzira ambiri amapunthwa apa. Gulu la 9, 12 ndi 15 ndi loona, pakuti 81 kuphatikiza 144 ndi 225. Komabe palibe m ndi n amene angalipereke, chifukwa 15 sangapangidwe pophatikiza masikweya awiri: mukachotsa 1 patsala 14, mukachotsa 4 patsala 11, mukachotsa 9 patsala 6, ndipo palibe sikweya mwa zotsalazi. Choncho gulu likakanika kutuluka m'fomula musathamangire kuliyesa labodza. Ligaweni kaye mpaka lifike pa tsinde lake, kapena liyeseni ndi masikweya.

Kwa womanga, phindu la kukhala ndi matsinde ambiri nlakuti lililonse lili ndi maonekedwe ake. Gulu la 5, 12 ndi 13 ndi lalitali ndi lopyapyala, loyenera mdadada wa zipinda kapena wa masitolo. Gulu la 8, 15 ndi 17, mukatenga gawo lililonse ngati theka la mita, likupereka mamita 4, mamita 7.5 ndi mamita 8.5. Gulu la 20, 21 ndi 29 ndi la chipinda chomwe mbali zake zatsala pang'ono kufanana, ndipo gawo lililonse likakhala masentimita 20 mupeza mamita 4, mamita 4.2 ndi mamita 5.8. Chipinda cha mbali zofanana ndendende chilibe gulu lathunthu ngakhale limodzi, ndipo cha mamita 5 mbali zonse chimafuna mamita pafupifupi 7.07 kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo. Makina owerengetsera a m'foni angakupatseni muyeso wa nyumba ina iliyonse, monga mamita 11.40 odutsa pakati pa nyumba ya mamita 9 ndi 7, koma manambala athunthu ali ndi ubwino woti amagwera pa chizindikiro chooneka bwino pa tepi, ndipo amene wagwira tepi kutsidya amamva bwino mukafuula kuti 13.

Kuyesa maziko a mamita 12 ndi mamita 5

Tibwerere ku Mpondasi. Mdadada wa mlongo wanga ndi wa mamita 12 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, kotero kuti dayagonolo yake, kutanthauza muyeso wodutsa pakati kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, iyenera kukhala mamita 13 osaonjezera kanthu. Zikhomo zinayi zinali zitakhomedwa kale, twaini atamangidwa, ndipo anyamata anali ataimika makasu kuyembekezera kukumba. Makoma onse anayi tinawayeza ndipo anali olondola. Mnyamata uja anati, "Amalume, tiyezenso chodutsa pakati," ndipo mmisiri, yemwe ndi bambo wachikulire waulemu wake, anavomera nkugwira yekha kumapeto kwa tepi. Tepi inaonetsa mamita 13.10.

Sikweya ya 13.10 ndi 171.61, pomwe masikweya a makoma awiri apereka 169. Kusiyana kumeneku kumanena zinthu ziwiri, ndipo choyamba ndi mbali yomwe ngodya yapendekera. Sikweya ya mbali yaitali ikaposa masikweya awiri ophatikizidwa, ngodya yatseguka kupitirira madigiri 90, monga momwe nsonga za sizasi zimatalikirana mukaitambasula. Ikachepa, ngodya yapanikizika. Yathuyi inali yotseguka, ndipo dayagonolo inayo, yomwe imayang'anizana ndi ngodya yopanikizika, inatipatsa mamita 12.90, monga zinayenera kukhalira.

Chachiwiri ndi kukula kwa cholakwikacho, ndipo apa ndi pomwe ndimaona kuti masikweya amaposa kachitsulo ka mmisiri. Chotsani 169 pa 171.61, patsala 2.61. Gawani zotsalazi ndi kawiri ka khoma lomwe simukufuna kulisuntha, lomwe kwa ife linali la mamita 12, ndiye kuti 2.61 kugawa ndi 24. Yankho ndi mamita pafupifupi 0.11, kapena kuti masentimita 11. Umenewu ndi mtunda womwe chikhomo cha kumapeto kwa khoma lalifupi chapatukira, motsata mbali yomwe khoma lalitali lalowera. Chifukwa chake nchakuti chikhomocho chikapatuka, kutalika kwa khoma lalifupi sikusintha, ndipo chomwe chimaonjezekera pa sikweya ya dayagonolo ndi kawiri ka khoma lalitali kuchulukitsa ndi kupatukako. Tinazula zikhomo ziwiri za khoma lakumbuyo nkuzikokera masentimita 11 ku mbali yopanikiza ngodya ija, tikusunga mamita 5 kuchoka pa zikhomo zakutsogolo, ndipo madayagonolo onse awiri anafika pa mamita 13.

Mmisiriyo sananame pamene ankati anayeza 3, 4 ndi 5. Anayezadi, koma anayeza masentimita 30, 40 ndi 50 pafupi ndi chikhomo cha pangodya. Tiyerekeze kuti m'malo mwa 50 panali 50.5, kusiyana komwe sikufika ngakhale kunenepa kwa chikhomo chamtengo. Sikweya ya 50.5 ndi 2550.25, yomwe ikuposa 2500 ndi 50.25, ndipo tikagawa ndi kawiri ka 40 tipeza kupatuka kwa masentimita 0.63 pa mtunda wa masentimita 30. Twaini akapitirira njira yomweyo mpaka mamita 5, kupatukako kumakula mofanana ndi mtunda nkufika masentimita opitirira 10. Theka la sentimita pangodya ndilo linabala masentimita 11 aja. Nchifukwa chake thirayango yoyesera iyenera kukhala yaikulu momwe malo angalolere, mamita 3, 4 ndi 5 kapena 6, 8 ndi 10, ndipo yabwino koposa ndi yofika kumapeto kwenikweni kwa makoma.

Ngodya yathuyo inali itapatuka ndi digiri imodzi ndi pang'ono, zomwe diso silingaone pa bwalo la mchenga. Zikanaonekera mochedwa, poyala matailosi pamene mzere wa m'mphepete mwa khoma umayamba wotakata nkumathera wopyapyala, ndiponso pokhoma malata pamene m'mphepete mwake mumatuluka ngati mano a sowo chifukwa lata lililonse lili pa sikweya pomwe denga silili.

Zomwe zimanyenga woyesa

Pali magulu omwe amayandikira kwambiri koma osakhoza, ndipo ndi oopsa kuposa 4, 5 ndi 6 chifukwa pa pepala amaoneka bwinobwino. Pa 4, 7 ndi 8 masikweya apereka 65 kuyerekeza ndi 64, ndipo ngodya yake ndi ya madigiri pafupifupi 89. Pa 4, 8 ndi 9 apereka 80 kuyerekeza ndi 81, ndipo ngodya yatseguka pang'ono. M'masamu a m'kalasi, pomwe manambala ndi enieni, kusiyana kwa 1 nkokwanira kunena kuti ngodyayo si ya madigiri 90. Pa bwalo lomangapo, pomwe manambala achokera pa tepi, masikweya sadzafanana ndendende kawirikawiri, ndipo funso loyenera ndi lakuti kusiyanako kukuimira masentimita angati pa chikhomo. Dayagonolo ya mamita 13.01 pa nyumba yathu ikanatanthauza kupatuka kwa sentimita imodzi, komwe dothi kapena simenti ya pakati pa njerwa imameza.

Cholakwika china chofala ndi kuika nambala yolakwika pa malo a c. Funso likapereka mbali mosakaniza, monga 17, 8 ndi 15, wophunzira wopupuluma amaphatikiza masikweya a manambala awiri oyambawo nkupeza 353, nkunena kuti thirayangoyo yalephera. Yambani nthawi zonse mwapeza mbali yaitali koposa nkuiika payokha, ndipo muonetsetse kuti mbali zonse zili m'muyeso umodzi, osati ina m'mamita ina m'masentimita.

Amisiri ena amangoyerekeza madayagonolo awiri, akafanana nkuti nyumba ili pa sikweya. Njirayi ndi yoona pokhapokha makoma oyang'anizana atayezedwa kale nkupezeka ofanana, chifukwa nyumba yomwe khoma lake lakumbuyo ndi lalifupi kuposa lakutsogolo, makoma a m'mbali atapendekera mkati mofanana, imakhalanso ndi madayagonolo ofanana ngakhale ilibe ngodya ya madigiri 90 ndi imodzi yomwe.

Zotsalazo ndi za malo athu kuno. Mchenga wa m'mphepete mwa nyanja sugwira chikhomo mwamphamvu, moti kukoka tepi kokha kungachipendeketse, ndipo ndi bwino kukhoma msomali pamutu pa chikhomo kuti muyeso uliwonse uziyambira pa malo amodzimodzi. Twaini wa nayiloni yemwe ambiri timabwereka kwa asodzi amatamuka, kotero kuti ndi wabwino poonetsa mzere koma si woyezera kutalika. Mphepo ya mwera ikamaomba imapinda tepi yaitali ngati uta, ndipo tepi yopindika kapena yolendewera imaonetsa nambala yoposa mtunda weniweni. Kwa amene akumanga pa malo otsetsereka monga a ku Namwera, lamulo la masikweya likunena za thirayango yogona mosapendekera monga madzi agonera m'beseni, choncho tepi iyenera kugwiridwa pa mulingo umodzi, chikhomo cha kumunsi chikhale chachitali kuposa cha kumtunda. Tepi ikatsata kutsetsereka kwa nthaka, makoma angathe kuoneka okwanira pa tepi pomwe maziko enieni afupika.